Ndikajomba tsiku limodzi ndimasiyiratu masewera olimbitsa thupi: ndichite chiyani?

Funso: Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ntchito yanga ndi yokhala pansi tsiku lonse. Ndinayamba kuyenda ndawala kwa mphindi 30 m'mawa uliwonse, n'kumachonga pa kalendala. Ndinakwanitsa masiku 19 osadumphitsa, koma tsiku la 20 ndinalephera kudzuka chifukwa ndinagona mochedwa. Ndinati mawa lake ndiyenda ola lathunthu kuti ndibweze, koma sindinapite, ndipo tsopano patha mwezi. Aka n'kachitatu. Kodi kalendalayi ndi yothandizadi, ndipo ndizitani ndikajomba?

Yankho: Mayi, kalendalayo musaitaye, chifukwa ndi imene inakudzutsani masiku 19 aja. Chofunika kusintha ndi chimene imawerenga, ndiponso muyenera kukhala ndi lamulo lolembedwa lokuuzani chochita m'mawa wotsatira tsiku limene mwajomba. Monga ilili panopa, kalendala yanu imadziwa nambala imodzi yokha, ya masiku otsatizana, ndipo nambala imeneyi ili ndi khalidwe loipa: imakwera pang'onopang'ono, koma ikagwa imagweratu mpaka pa ziro. Thupi lanu silinabwerere pa ziro tsiku la 20. Mtima, mapapo ndi miyendo zinali momwe zinalili dzulo lake, popeza mphamvu zimene munthu wapeza poyenda siziyamba kuchepa moonekera pokhapokha atakhala pafupifupi masabata awiri osachita kanthu. Chimene chinagwa ndi nambala ya papepala, ndipo inu munaikhulupirira kuposa miyendo yanu.

Pali kafukufuku amene anayesa funso lanu lenilenili. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatenga anthu 96, aliyense n'kusankha chinthu chimodzi chatsopano choti azichita tsiku lililonse, kaya chokhudza kudya, kumwa kapena kulimbitsa thupi, ndipo anawatsatira kwa masabata 12. Tsiku ndi tsiku anthuwo ankanena ngati achita chinthucho, komanso ngati chayamba kuchitika chokha popanda kudzikakamiza. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2010, zinaonetsa kuti nthawi imene chizolowezi chimatenga kuti chikhazikike imasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254, ndipo nambala yapakati inali masiku 66. Zochita zolimbitsa thupi zinkatenga nthawi yaitali kuposa zinthu zing'onozing'ono monga kumwa madzi. Ndiye pa tsiku la 19 chizolowezi chanu chinali chikadali chanthete, ndipo n'zosadabwitsa kuti kugona mochedwa usiku umodzi kunachigonjetsa. Koma chimene chikukukhudzani kwambiri n'chakuti ofufuzawo anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni kukula kwa chizolowezicho. Amene chizolowezi chinawakanika ndi aja ankachita mwa apo ndi apo kwa nthawi yonse.

Choncho tsiku limene mwajomba silikhala ndi vuto lalikulu pa lokha. Vuto limabwera ndi zimene munthu amadziuza madzulo ake. Katswiri wa za maganizo G. Alan Marlatt, amene ankafufuza chifukwa chake anthu osiya mowa kapena fodya amabwerera, anafotokoza kuti munthu amene wadziikira lamulo losaphonya n'kamodzi komwe, akangoterereka amaona ngati zonse zawonongeka, amadziimba mlandu kuti ndi wofooka, kenako amangoti madzi akatayika saoleka n'kusiyiratu. Mwa inu munachitikanso china chimene ndimachiona kawirikawiri, chomwe ndi kusandutsa tsiku lojomba kukhala ngongole. Munalephera kudzukira mphindi 30, ndiye munadzilamula kudzukira mphindi 60, kutanthauza kuti pa m'mawa umene munali wofooka kwambiri ndi pamene munadzisenzetsa ntchito yowirikiza. Tsiku lachitatu ngongoleyo inafika mphindi 90, ndipo munthu aliyense amazemba malo amene ali ndi ngongole yoti sangathe kubweza. Kalendala ija inasanduka malo otero, n'chifukwa chake munasiya ngakhale kuiyang'ana.

Lamulo limene ndikukupatsani ndi ili, ndipo mulilembe ndi dzanja lanu pansi pa kalendala yomweyo musanayambe: "Ndikajomba, sindibweza. M'mawa wotsatira, pa nthawi yomwe ija, ndichita mlingo wanga wochepa. Sindijomba masiku awiri otsatizana." Chifukwa cholilembera lero, mutu uli bwino, n'chakuti m'mawa wotsatira tsiku lojomba si nthawi yabwino yoganiza, muli ndi tulo, muli ndi manyazi, ndipo maganizo alionse amene mungayambe adzathera pa mawu akuti ndidzayamba Lolemba. Peter Gollwitzer ndi amene anatchukitsa njira imeneyi yokonzeratu kuti zakutizakuti zikachitika ndidzachita chakuti. Pa kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2002, wa Sarah Milne, Sheina Orbell ndi Paschal Sheeran, ophunzira amene analemberatu tsiku, nthawi ndi malo ochitira masewera, 91 mwa 100 alionse anachitadi sabata yotsatira, pamene mwa amene anangolimbikitsidwa ndi uthenga wa zaumoyo popanda kulemba dongosolo anachita ndi 35 mwa 100 alionse. Kafukufukuyo anali wa nthawi yochepa ndiponso wa achinyamata, choncho musayembekezere kuti kulemba kokhako kukutengerani chaka chonse, koma akusonyeza kusiyana kwa kufuna chinthu ndi kudziwiratu nthawi yochichitira.

Mtima wa lamuloli ndi mlingo wochepa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Muyenera kukhala ndi milingo iwiri. Mlingo wathunthu ndi mphindi 30 zija za ndawala. Mlingo wochepa ndi kachigawo koti mungathe kukachita ngakhale mutagona maola anayi okha, ngakhale kukugwa mvula, ngakhale mutadzuka mochedwa ndi mphindi 20. Kwa inu ndinganene mphindi 10: kuvala nsapato, kutuluka, kuyenda mphindi zisanu kupita ndi zisanu kubwerera. Ngati kunja sikutulukika, mphindi 10 zomwezo muguba pamalo amodzi m'nyumba, kapena kukhala ndi kuimirira pampando mobwerezabwereza. Njira yoyesera ngati mlingowo ndi woyenera ndi yosavuta. Kumbukirani m'mawa wa tsiku la 20 uja, ndipo mudzifunse moona mtima ngati mukanautha. Mukaona kuti mukanazengereza, uchepetseni ufike mphindi zisanu. Mwina mukuona ngati mphindi 10 n'zachibwana, koma malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse a mu 2020 anachotsa lamulo lakale loti masewera aziwerengedwa pokhapokha atafika mphindi 10 nthawi imodzi, ndipo amanena kuti kuchita pang'ono kuli bwino kuposa kusachita. Komabe ntchito yaikulu ya mlingo wochepa si kulimbitsa mtima. Ntchito yake ndi kusunga mgwirizano wa pakati pa chokukumbutsani ndi chochita, kuti alamu ikalira thupi lizidziwabe kuti chotsatira ndi nsapato.

N'chifukwa chake lamulo likuti pa nthawi yomwe ija. Chizolowezi chimamera pa chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse, monga kudzuka, kutsuka mano kapena kuweruka. Mukajomba m'mawa n'kuchita madzulo, thupi lapindula ndipo muchonge ndithu, koma chizolowezi cha m'mawa sichinalandire kanthu tsiku limenelo. Kamodzikamodzi palibe vuto. Zikachuluka ndiye kuti nthawi yeniyeni imene moyo wanu ukuloleza ndi madzulo, ndipo ndi bwino kusamutsira dongosolo lonse kumeneko kusiyana ndi kulimbana ndi m'mawa umene sukukumverani.

Tsopano kalendala. Ikhale yapepala, ya mwezi wathunthu, yopachikidwa pamene mumaona mukangodzuka, cholembera chili pomwepo. M'malo mwa chizindikiro chimodzi mugwiritse ntchito zinayi. Kuchonga kutanthauze mlingo wathunthu. Kadontho kakakulu katanthauze mlingo wochepa. Chilembo cha D chitanthauze kuti munadwala kapena kuvulala. Kamzere kopingasa katanthauze kuti munajomba, ndipo pambali pake mulembe liwu limodzi kapena awiri onena chifukwa, monga "tulo", "mvula", "ulendo" kapena "ulesi". Musasiye bokosi lopanda kanthu, chifukwa bokosi lopanda kanthu silikuphunzitsani chilichonse, pamene liwu limodzi lija ndi limene lidzakuululireni vuto kumapeto kwa mwezi. Muzilemba mukangolowa m'nyumba, nsapato zikadali kuphazi, osati Lamulungu pokumbukira za sabata yonse, popeza munthu akamalemba za masiku apitawo amadzikomera mtima mosadziwa. Kulemba kumeneku kuli ndi umboni wake: mu 2016 Benjamin Harkin ndi anzake anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 138 ndipo anapeza kuti kuyang'anira mmene ukuyendera kumathandiza kukwaniritsa cholinga, makamaka ngati ukulemba penapake kapena ukuuzako munthu wina.

Nambala ya masiku otsatizana muisiye. M'malo mwake, Lamulungu lililonse madzulo muziwerenga zinthu ziwiri: masiku amene mwachita kanthu pa masiku 7, ndi mphindi zonse za sabatayo. Nambala ziwirizi sizigwera pa ziro chifukwa cha tsiku limodzi. Mphindizo muziziyerekeza ndi mlingo wa bungwe lija, umene kwa akuluakulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, ndiye kuti oti mukupuma mofulumira koma mukutha kulankhula, kungoti simungathe kuimba.

Tiyeni tione mmene masabata anayi angayendere pa kalendala yotere. Tinene kuti mwayamba Lolemba. Sabata yoyamba mwachonga masiku asanu ndipo awiri mwaika kadontho. Sabata yachiwiri, Lachitatu mwagona mochedwa, Lachinayi simunadzuke, ndipo madzulo ake mwalemba kamzere ndi liwu lakuti "tulo". Usiku umenewo simukonza zobweza. Mungoika nsapato ndi zovala pafupi ndi bedi n'kutchera alamu pa nthawi ya masiku onse. Lachisanu mwayenda mphindi 10 n'kuika kadontho, ndipo Loweruka mwabwerera ku mphindi 30. Sabata yachitatu mwadwala chimfine ndi kutentha thupi Lolemba ndi Lachiwiri, mwalemba D kawiri, Lachitatu mwayamba ndi kadontho, kenako Lachisanu mwajomba chifukwa cha ulendo, Loweruka kadontho. Sabata yachinayi Lachinayi lakugonjetsaninso, "tulo" kachiwiri, Lachisanu kadontho. Mukawerenga zonse mupeza masiku 17 ochonga, 6 a kadontho, 2 odwala ndi 3 ojomba. Mphindi zake ndi 510 kuphatikiza 60, zonse pamodzi 570, zomwe ndi pafupifupi 142 pa sabata, pang'ono chabe kuti zifike 150.

Taonani kuti masiku anu 19 aja a mphindi 30 analinso mphindi 570. Mwezi wodzaza timizere ndi timadontho wakupatsani phindu lofanana ndi mndandanda wosadukiza umene munkaunyadira, ngakhale kuti pa mawerengedwe akale mukanabwerera pa ziro kanayi. Kusiyana kwake kuli pa mwezi wachiwiri: m'njira yakale mweziwo unali wopanda kanthu, pamene m'njira iyi tsiku la 29 likukupezani mukuyendabe.

Kalendala ya chitsanzoyi ikunenanso chinthu china chimene kuchonga kokha sikukanaonetsa. Pa masiku atatu ojomba, awiri ndi Lachinayi, ndipo onse ali ndi liwu lakuti "tulo". Umenewu si ulesi; pali chinachake chimene chimachitika Lachitatu usiku, kaya msonkhano, kaya ntchito yotha mochedwa. Mankhwala ake si kulimba mtima kwambiri Lachinayi m'mawa, koma kusintha dongosolo. Mungathe kukonzeratu kuti Lachinayi lililonse ndi tsiku la mlingo wochepa, alamu n'kuisuntha ndi mphindi 20, kapena kuti tsiku limenelo muziyenda poweruka. Ndimaona kuti phindu lalikulu la kalendala lili pamenepa, osati pa kukoma kwa kuona zochonga zitandandalikana. Liwu likabwera kawiri pa tsiku lofanana la sabata, ligwireni ntchito. Likakhala "mvula", konzani zochita za m'nyumba. Likakhala "ulesi" popanda chifukwa china, kawirikawiri ndiye kuti mlingo wathunthu wakula msanga kapena njira imene mumayenda yakutopetsani.

Nanga mukajomba masiku awiri otsatizana? Zidzachitika, ndipo lamulo liyenera kukhala ndi yankho lake, apo ayi lidzangokhala mndandanda wina woti ukaduka musiyenso. Nambala ya masiku awiri si malire amene thupi limawadziwa. Ndi chenjezo limene timaika pafupi dala, chifukwa kujomba kukabwerezedwa kumayamba kukhala chizolowezi pachokha, ndipo bedi limayamba kutenga malo a nsapato. Masiku awiri akadutsa musadzidzudzule, koma muchite ziwiri. Choyamba, masiku atatu otsatira akhale a mlingo wochepa basi, ngakhale mutamva mphamvu, kuti kubwerera kukhale kopepuka. Chachiwiri, musinthe chinthu chimodzi pa dongosolo, kaya nthawi, kaya malo, kaya kutalika kwake, malinga ndi mawu amene mwalemba. Chimodzi chokha, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Pali ngozi ina ya mbali inayo, yoti kadontho n'kulanda ufumu. Mukaona kuti kwa masabata awiri timadontho tikuposa zochonga, ndiye kuti mphindi 30 si mlingo wanu weniweni panopa. Utsitseni ufike 20, muuchonge ndi mtima wonse, ndipo muziwonjezera mphindi zisanu pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zoyenda bwino.

Chilembo cha D chifunika chilungamo kumbali zonse. Mukatentha thupi, mukamatsegula m'mimba kapena kusanza, kapena chifuwa chikatsikira m'mapapo, musachite masewera, ndipo lamulo la masiku awiri limaima kufikira mutachira. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mukayamba kumene, komwe kumakula pakati pa maola 24 ndi 72 kenako n'kuzilala, si matenda. Tsiku lotero ndi la kadontho, ndipo kuyenda pang'onopang'ono kumakuchepetsa kwa kanthawi. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, makamaka pa bondo, pa kakolo kapena pa fupa la msongolo, umene ukukula mukamayenda kapena ukukutsimphinitsani, ndi woti muime. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kukomoka kapena phuma losagwirizana ndi liwiro limene mukuyenda ndi zoti musiye nthawi yomweyo n'kukaonana ndi dokotala. Ngati muli ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kapena ndinu woyembekezera, kambiranani kaye ndi achipatala za mlingo woyenera. Ndikunena izi motsindika chifukwa kalendala ili ndi mphamvu yotulutsa munthu wodwala panja pofuna kungoteteza mzere wa zochonga, ndipo zimenezo n'zoipa kuposa kujomba.

Mawu akuti tsiku lililonse asatanthauzenso kuti tsiku lililonse likhale lolemetsa. Kuyenda ndawala kungachitike masiku onse popanda vuto kwa anthu ambiri, koma kuthamanga ndi kunyamula zolemera kumafuna masiku opepuka pakati. Mwezi wachiwiri ukayenda bwino mudzawonjezere zolimbitsa minofu kawiri pa sabata, monga momwe malangizo aja amanenera, pa masiku osatsatizana ngati Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo zidzalowe pa nthawi yomwe ija ya m'mawa kuti chokukumbutsani chisasinthe.

Ngati mungakonde kugwiritsa ntchito foni m'malo mwa pepala, sankhani pulogalamu imene imaonetsa masiku a mwezi wonse ndi yokulolani kulemba chifukwa, osati imene imaika patsogolo nambala ya masiku otsatizana n'kuifafaniza mukaphonya. Samalaninso ndi zowerenga masitepe, chifukwa zimaphatikiza kuyenda konse kwa tsiku ndipo zingakuuzeni kuti mwakwanitsa pa tsiku limene ulendo wa m'mawa simunaupite. Kwa munthu amene wagwa katatu pa malo amodzi ngati inu, ine ndimakonda pepala, popeza limaoneka popanda kulitsegula ndipo silibwera ndi mauthenga ena okuchedwetsani pabedi.

Kalendalayi siyenera kukhala ya moyo wonse. Mudzadziwa kuti chizolowezi chagwira mukadzapeza kuti mwavala nsapato musanadzifunse ngati mupita, komanso tsiku lojomba likamadzakusowetsani mtendere m'thupi osati kukuchititsani manyazi. Zikatero kwa mwezi wathunthu, mungasiye kulemba tsiku ndi tsiku n'kumangowerenga pa sabata, ndipo mudzaibwezeretse nthawi iliyonse imene moyo wasintha, monga posamuka, posintha ntchito kapena mukachira matenda, chifukwa zokukumbutsani zakale zimatayika pa nthawi zoterozo.

Popeza inu mwakhala mwezi osayenda, musayambire pa mphindi 30. Sabata yoyamba mlingo wathunthu ukhale mphindi 15 ndipo wochepa ukhale mphindi zisanu, yachiwiri 20 ndi 10, yachitatu 25, ndipo yachinayi mufike 30 ngati miyendo siikudandaula. Musadikire Lolemba kapena tsiku loyamba la mwezi. Tengani kalendala yomwe ija, masiku amene munasiya muwadule ndi kamzere kamodzi popanda kuwafotokoza, lembani lamulo pansi pake usiku uno, ndipo bokosi la mawa mulidzaze ndi chimodzi mwa zizindikiro zinayi zija.